Kuwerenga Ana mu Juni

Consolata Zimba analemba yekha chikalatacho mwezi wa Okutobala, dzuwa likuwotcha malata a ofesi ya bungwe la Mwana Akhute pa boma la Mchinji. Chinali cha masamba asanu ndi limodzi. Ku ofesi ankangochitchula kuti TOR. Ntchito yake inali kuuza katswiri wochokera kunja kwa bungwe zimene adzawunike, mafunso amene adzayankhe, njira imene adzatsate, masiku amene wapatsidwa ndi malipoti amene adzapereke. Pulojekiti yophikira ana phala m'sukulu inali m'chaka chachitatu, chomwe chinali chomaliza, ndipo opereka thandizo a kunja anali atanenetsa kuti salonjeza zaka zina asanamve kwa munthu wosakondera ngati phalalo likuthandizadi.

Consolata sankaopa kuwunikidwa. Iye ndiye ankayendera sukulu zonse 18 za pulojekitiyo pa njinga yamoto, kuyambira ku Kapondo, kutsika mbali ya Guilleme mpaka midzi ya kufupi ndi Kachebere. Ankadziwa mmene zimakhalira mu Febuluwale, nkhokwe zikagona, makolo akamawoloka malire kukagwira maganyu a chimanga ku Zambia atatenga ndi ana omwe. M'sukulu zopanda phala aphunzitsi ankatsala ndi mabenchi. M'sukulu za phala ana ankadzaza mpaka pakhomo. Choncho funso lalikulu analilemba mosazungulira: kodi phala likuchititsa kuti ana azibwera ku sukulu? Njira yake anailembanso momveka. Katswiri afike mosadziwitsa pa sukulu zisanu ndi zitatu za phala ndi zina zisanu ndi zitatu zoyandikana nazo zopanda phala, awerenge ana amene ali m'kalasi tsikulo, ayerekeze ndi mayina a m'kaundula wa sukulu. Acheze ndi aphunzitsi, makolo ndi amayi ophika, ogwira ntchito m'bungwe ali patali. Masiku onse a ntchito akhale 20. Zoyendera sukulu zichitike mu Febuluwale.

Chikalatacho chinapita ku likulu la bungwe ku Lilongwe, n'kukakhala milungu itatu. Kenako chinapita kunja. Chinabwerera mu Disembala ndi pempho loti awonjezere funso la atsikana ndi la ana olumala. Anawonjezera. Anailengeza ntchitoyo m'nyuzi mu Januwale, koma ofunsira anangopezeka awiri pomwe malamulo ankafuna atatu, ndiye anailengezanso. Nthawi iliyonse ikachedwa, bwana wake, a Davie Thole, ankasuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Mayi Zimba, tasinthani madeti aja mutumize lero." Consolata ankatsegula kompyuta, n'kufufuta Febuluwale, n'kulemba Malichi. Kenako Epulo. Ankasintha madeti okha, chifukwa ndi zimene ankapemphedwa, komanso chifukwa tsiku lililonse panali galimoto ya ufa yoti alandire ndi lipoti lina loti amalize. Kontirakiti inasainidwa kumapeto kwa Meyi. Tsiku lopereka lipoti lomaliza lokha silinasunthe: 31 Julaye, popeza opereka thandizo ankakhala pansi mu Ogasiti.

Katswiriyo anali a Eneya Chadzunda, bambo wa imvi za m'mbali, wolankhula motsitsa, amene anaphunzitsapo ku koleji asanayambe ntchito zowunika mapulojekiti. Tsiku loyamba anakhala mu ofesi ya a Thole, chikalata chija chili pa bondo, chitadzaza zolemba za pensulo.

"Analemba ndani?" anafunsa a Chadzunda.

"Ndine, bambo," anatero Consolata.

"Munalemba bwino. Koma munalembera Febuluwale. Pano ndi Juni. Anthu akolola, mwana aliyense wadya kanthu asananyamuke. Ndikawerenga mitu mwezi uno, sukulu ya phala ndi yopanda phala zioneka chimodzimodzi."

Consolata anayang'ana chikalata chija pa bondo lawo. Sichinali chinthu chachilendo kwa iye. Akanafunsidwa pa msewu akanayankha yekha chomwecho. Koma miyezi yonseyi sanaziikepo pamodzi, deti la pa tsamba lachisanu ndi njira ya pa tsamba lachitatu.

A Chadzunda anati m'lipoti lawo loyamba, lofotokoza mmene agwirire ntchito, apempha zinthu ziwiri: kuti muyeso waukulu ukhale makaundula a Januwale mpaka Malichi m'malo mowerenga mitu, ndiponso kuti awonjezeredwe masiku khumi oti awerenge makaundulawo m'sukulu zonse 16. A Thole anapukusa mutu.

"Bwana, chikalata chimenechi chatenga miyezi isanu ndi iwiri kuti chivomerezedwe. Mukachikhudza chibwereranso kunja. Julaye atipeza tilibe lipoti, ndipo kopanda lipoti ndiye kulibiretu zokambirana."

Komabe pempholo linatumizidwa. Yankho linabwera patatha masiku anayi, laulemu koma lalifupi. Njira ikhale mmene inavomerezedwera, chifukwa mapulojekiti a m'mayiko ena anawunikidwa chimodzimodzi ndipo zotsatira zake zikaikidwa pa tebulo limodzi. Makaundula angathe kuwaona ngati umboni wowonjezera, koma m'masiku omwewo 20.

Anayamba kuyenda sabata yachiwiri ya Juni, kukuzizira, minda ili mbee ndi mapesi, amayi akukumba mtedza. Consolata ankangolondolera njira. Akafika pa sukulu ankatsala pa galimoto, monga mmene iye mwini analembera. Sukulu zinayi zoyamba zinatuluka mmene a Chadzunda ananenera: kusiyana kunali kochepa kwambiri moti sungakuloze ndi chala. Consolata anadzilimbitsa mtima kuti bola zafanana, munthu angafotokoze chifukwa chake.

Lachinayi anafika pa Kamtsitsi, sukulu ya phala ya kufupi ndi malire, imene Consolata ankaidalira kuposa zonse. Mphunzitsi wamkulu wake, mayi Felista Sakala, sankasowetsa ngakhale thumba limodzi la ufa, ndipo kaundula wawo ankalembedwa tsiku ndi tsiku. A Chadzunda analowa kalasi ndi kalasi. Atatuluka anabwera pa galimoto, mayi Sakala ali pambuyo pawo.

"M'kaundula muli ana 912," anatero a Chadzunda. "Ndapeza 610."

"Sizingatheke," anatero Consolata.

"N'zoona, madamu," anatero mayi Sakala. "Ena ali ku mtedza, monga kulikonse. Koma ambiri mwa amene palibewo si athu. Ndi a ku Mwalawanjovu, tsidya la dambo. Njala ikafika mu Januwale amabwera kuno, makilomita asanu, ena a Sitandade 1. Ine ndiwabweze? Ndimawalemba m'kaundula kuti ufa wawo uzibwera. Akakolola kwawo amabwerera ku sukulu yawo yapafupi. Sindiwafufuta, chifukwa Januwale akubwera abweranso."

"Makalata osamukira ali nawo?" anafunsa a Chadzunda.

"Kalata ya chiyani, bambo? Sakusamuka. Akudzadya."

Consolata anatsamira chitseko cha galimoto. Nambala ya 912 ankaidziwa bwino. Anailembapo m'malipoti anayi ngati umboni woti phala lachulukitsa ana olembetsa sukulu, ndipo ku Lilongwe anaiyamikira. Ndipo sukulu yopanda phala imene iye anaisankha kuti iyerekezedwe ndi Kamtsitsi, chifukwa choti n'zoyandikana ndipo anthu ake amalima zofanana, inali Mwalawanjovu yomweyo.

Anakafikako m'mawa mwake. Inali sukulu ya midadada iwiri, makalasi ena ali pansi pa mitengo. Ana anali thithithi. M'kaundula munali mayina 438, ndipo a Chadzunda anawerenga ana 391. Atamaliza kucheza ndi aphunzitsi anamukodola Consolata kuti abwere mu ofesi adzaone yekha. Mphunzitsi wamkulu, a Rodrick Mwale, anali atayala makaundula pa tebulo. Masamba a Meyi ndi Juni anali odzaza. A Januwale anali olembedwa sabata ziwiri zoyamba. Kuchokera pamenepo mpaka pakati pa Malichi munalibe kanthu, mizere yokhayokha.

"Bwanji simunkalemba?" anafunsa Consolata.

"Tinkalemba ndani, mayi?" anatero a Mwale. "Sitandade 4 inatsala ndi ana asanu ndi anayi. Tinkaphatikiza makalasi atatu pamodzi, mphunzitsi mmodzi. Aphunzitsi anatopa n'kuitana mayina a anthu amene kulibe. Ndikudziwa kuti n'kulakwa." Anatembenukira kwa a Chadzunda. "Bwana, izi mukazilemba, dzina la sukulu musalitchule. Alangizi a maphunziro a dera lino akamva, ndine ndikayankhe."

Pobwerera, galimoto ikugwedezeka m'misewu ya fumbi, anadutsa dambo lija. Kenako Consolata analankhula osawayang'ana a Chadzunda.

"Bambo Chadzunda, mwaona nokha. Ana omwewo akuwerengedwa kuti ajomba ku sukulu yathu, n'kuwerengedwanso kuti abwera ku sukulu inayo. Achotseni mayinawo ku Kamtsitsi. Si bodza limenelo."

"Si bodza," anavomera a Chadzunda. "Koma ndikachotsa ku Kamtsitsi kokha, ndakonza pamene pakukomerani inu. Ndiyenera kuchita chimodzimodzi m'sukulu zonse, dzina ndi dzina, ana oposa zikwi khumi. Amenewo ndi masiku khumi aja anandikaniza. Ndatsala ndi sukulu khumi, ndi lipoti loti ndilembe."

"Nanga mawu a a Mwale? Anena okha kuti kalasi inatsala ndi ana asanu ndi anayi."

"Ndiwalemba. Koma ndi mawu a munthu mmodzi, ndipo buku lake lili lopanda kanthu. Wowerenga ali kutali adzafunsa kuti umboni uli kuti."

"Ndiye mukalemba kuti phala likuthamangitsa ana."

"Ndikalemba zimene chikalata chandituma kuyesa, ndi chifukwa chake muyesowo sukuonetsa zoona. Zonse ziwiri ndilemba, mayi. Chimene sindingathe ndi kusankhira anthu tsamba loti awerenge."

A Chadzunda sanali munthu wouma mtima. Loweruka ndi Lamlungu, masiku amene sanali m'kontirakiti, anabwereka makaundula a sukulu ziwirizo n'kukhala nawo pa khonde la nyumba yogona alendo, akuyerekeza mayina ndi pensulo. Anapeza ana 147 olembedwa mbali zonse ziwiri. Pa sukulu zina zitatu za phala aphunzitsi anawauzanso nkhani yofanana, koma nthawi yoti afufuze inalibepo. Makaundula a nyengo ya njala anapezeka athunthu pa sukulu zitatu zokha mwa zisanu ndi zitatu zopanda phala.

Lipoti loti bungwe lione lisanamalizidwe linafika pakati pa Julaye. Consolata analitsegula a Thole ataima kumbuyo kwake. Chikalata chake chija chinkalamula kuti lipoti lisapitirire masamba 30, ndipo kutsogolo kukhale chidule cha masamba awiri chokhala ndi tebulo la zotsatira. Tebulolo linali pomwepo pa tsamba loyamba. Sukulu za phala: ana 74 pa 100 aliwonse anapezeka m'kalasi. Sukulu zopanda phala: 81. Pansi pake a Chadzunda analemba ndime yochenjeza kuti kuwerengaku kunachitika anthu atakolola, kuti ana ena ndi olembedwa kawiri, ndipo manambalawo asagwiritsidwe ntchito pogamula za tsogolo la pulojekiti. Nkhani ya ana 147 inali pa tsamba 23. Pa malangizo awo, loyamba linali loti kuwerengaku kubwerezedwe mu Febuluwale.

"Mu Febuluwale pulojekiti idzakhala kulibe," anatero a Thole.

Anachita msonkhano wotsimikizira zotsatira mu holo ina pa boma. Kunabwera a ku ofesi ya maphunziro, aphunzitsi akuluakulu ndi oimira makolo. Mayi Sakala anaimirira n'kufotokoza zonse mwadongosolo. Anthu anagwedeza mitu, mlembi analemba, ndipo mawu awo analowa m'zowonjezera za kumapeto kwa lipoti. Consolata analemba yankho la bungwe, masamba atatu, ndipo m'ndime yoyamba anavomera kuti cholakwa chinali cha chikalata chimene iye analemba. A Thole anaichotsa ndimeyo. Anati kudziimba mlandu sikusintha tebulo, kungowonjezera chifukwa china chowakanira thandizo.

Kalata ya opereka thandizo inabwera sabata yomaliza ya Ogasiti. Inathokoza bungwe chifukwa cha ntchito yabwino ya zaka zitatu. Inati opereka thandizo awerenga chenjezo la katswiri ndipo akulimvetsa, koma mapulojekiti opempha anali ambiri kuposa amene akanatha kuwathandiza, choncho asankha amene umboni wake unali woonekeratu. Ogwira ntchito anapatsidwa mwezi wa Sepitembala kuti atseke zonse.

Consolata anayenda sukulu ndi sukulu kukasiya mapoto ndi mbaula m'manja mwa makomiti. Ku Kamtsitsi anapita pomaliza, chifukwa ankakuzengereza. Anapeza amayi ophika atakhala pa khonde la khitchini, pamodzi ndi mayi Sakala. Wapampando wawo, mayi Esitele, amene anaphika phalalo mongodzipereka kuyambira tsiku loyamba, anamvetsera mpaka Consolata atamaliza.

"Tifunse nawo, alangizi," anatero mayi Esitele. "Bambo aja anapeza kuti tinkalakwitsa pati? Ngati ndi kaphikidwe, atiuze tikonze."

"Simunalakwitse paliponse, mayi. Analemba kuti khitchini yanu ndi yaukhondo kuposa zonse."

"Nanga ufa unkasowa?"

"Ayi."

"Ndiye chavuta n'chiyani?"

Consolata anayesa kufotokoza. Ananena za chikalata, za mwezi umene unalembedwamo poyamba, za mmene unasunthira. Ananena kuti anachilemba ndi iyeyo. Ankayembekezera kuti wina amukalipira, ndipo mwina zikanamupepukira. Koma amayiwo anangomuyang'ana mwaulemu, ngati munthu amene akulankhula za kutali.

"Ndiye abwerenso nthawi ya njala adzaone," anatero mayi Esitele.

"Sabweranso, mayi. Ntchito yawo inatha."

Mayi wina anayamba kupinda chitenje chimene anakhalira. Mayi Sakala anatenga makiyi n'kumuitana Consolata kuti akaone mosungira ufa. Munatsala matumba ochepa pa thandala, oti akanatha mwezi usanathe.

"Komiti yagwirizana kuti tisaphike pano," anatero mayi Sakala. "Tisunga mpaka Januwale. Ndaona madeti a pa matumba, ufawu ufika usanawonongeke. Ana athu okha, theka la kapu, utikwanira masiku khumi ndi awiri. Akabwera a tsidya lija sufika ndi sabata ndi theka." Anakhoma chitseko, n'kuyesa loko kawiri. "Ine sindingathe kuima pa geti n'kumabweza mwana amene wayenda makilomita asanu. Mukamabwerera dzerani ku Mwalawanjovu. Mukawauze a Mwale alengeze kwa makolo kuti chaka chino kuno kulibe kanthu. Amve kwa inu a bungwe, asamati ndife tawamana."

Njira ya ku Mwalawanjovu inali yokhota, koma Consolata anadzera komweko. Dambo linali litauma, njinga inadutsa mosavuta. Anawapeza a Mwale akuphunzitsa masamu pansi pa mtengo, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu. Anapatsa ana ntchito n'kubwera pamene iye anaima. Consolata ananena uthengawo mwachidule, chipewa cha njinga chili m'manja.

A Mwale anayang'ana anawo, amene ankalemba pa maondo.

"Ndilengeza pa asembule, ndiuzanso makolo ku tchalitchi," anatero. "Koma apitabe, mayi. Sabata yoyamba apitabe kukaona okha. Akakapeza kuti kulibedi, kuno sabwerera. Aziwoloka malire ndi makolo awo."

Consolata anafuna kunena kuti pepani, koma a Mwale anali atatembenuka kale, chifukwa ana awiri ankalimbirana pensulo. Anaima pang'ono, kenako anavala chipewa n'kuliza njinga. Ku ofesi ankamudikira kuti akapereke makiyi ake isanakwane 4 koloko, poti ntchito inali itatha.